Mita ikuti 6.00 V pomwe payenera kukhala 6.30 V: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira zamagetsi m'masukulu a ntchito zamanja kuno ku Chipata, ndiponso kwa amisiri okonza mawailesi ndi zida za sola ku Kapata, Katete, Petauke mpaka ku Lundazi. Mayankho onse atsatira seketi imodzi kuti manambala asatibalalitse. Pali batire la sola lodzaza bwino, la 12.60 V. Pakati pa mapazi ake awiri talumikiza maresisita awiri motsatizana, iliyonse ya 1 MΩ. Mfundo ya pakati pa maresisitawo ikupita ku kachipangizo kozimitsa magetsi batire likatsika kwambiri. Popeza maresisita ndi ofanana, pakatipo payenera kukhala theka la 12.60 V, lomwe ndi 6.30 V.

Ndayeza pakati pa maresisitawo ndipo mita yanga ya manambala ikuonetsa 6.00 V. Kodi yafa?

Ayi, sinafe. Ikunena zoona za voliteji yomwe ili pa nsonga za zingwe zake pa nthawi imene mwagunditsa. Vuto ndi lakuti mutangogunditsa, voliteji ya pamalopo inasintha. Mita yoyezera voliteji siingopenya chabe ili patali. Mkati mwake, pakati pa chingwe chofiira ndi chakuda, muli resisitansi, ndipo pa mamita ambiri a manambala imakhala pafupifupi 10 MΩ. Mukaika zingwe pa resisita ya m'munsi, mwaipatsa inzake yoyenda nayo mbali ndi mbali. Resisita ya 1 MΩ ikagundizana motero ndi 10 MΩ, ziwirizo pamodzi zimakhala ngati 0.909 MΩ. Tsopano batire silikugawidwanso pakati pa ziwiri zofanana. Ya pamwamba ikadali 1 MΩ, ya m'munsi yachepa, choncho gawo lake nalonso lachepa kufika pa 6.00 V.

Mukachotsa zingwe, pakatipo pamabwerera pa 6.30 V, kungoti palibenso wokuuzani. Uku ndiye kumatchedwa kulemetsa seketi. Mita imakoka karenti pang'ono kuti ipeze chowerenga, apa ndi 0.6 µA basi, koma m'maresisita athu mumadutsa 6.3 µA yokha. Kuchotsapo 0.6 pa 6.3 si nkhani yaing'ono.

Nanga bwanji ndikayeza batire lenilenilo mita yomweyo siphonya?

Chifukwa batire silimva kanthu. Resisitansi ya mkati mwa batire la mtovu ndi asidi ndi kachigawo kochepetsetsa ka omu imodzi, ndiye karenti ya mita, yongopitirira 1 µA, siingatsitse voliteji yake mpaka kuoneka pa galasi. Ganizani za madzi: mukatunga kapu imodzi pa damu la Lutembwe palibe angaone kusiyana, koma kapu yomweyo mukaitunga pa kasupe wongodontha m'chilimwe, mwaphwetsa.

Chimene chimalamula kukula kwa cholakwikachi si kukula kwa voliteji, komanso si resisita imene mwaikapo zingwe payokha. Ndi resisitansi yomwe mita "imaona" ikayang'ana m'seketi kuchokera pa nsonga zake ziwiri. Mabuku amaitcha resisitansi ya Thevenin. Kuti muipeze, yerekezani kuti batire mwalichotsa n'kuikapo waya. Mukatero maresisita athu awiri aja amapezeka ali mbali ndi mbali, 1 MΩ ndi 1 MΩ, zomwe zimapereka 500 kΩ. Ambiri amaphonya apa, amatenga 1 MΩ ya m'munsi yokha n'kuiwala ya pamwamba.

Mukakhala nayo nambala imeneyi, masamu ake ndi aafupi:

```
Vm = V0 × Rm / (Rm + Rth)
Vm = 6.30 × 10 / (10 + 0.5) = 6.00 V
```

`V0` ndi voliteji yeniyeni mita isanagunde, `Vm` ndi yomwe mita ikuonetsa, `Rm` ndi resisitansi ya mita, `Rth` ndi ya seketi. Onani kuti `Vm` siingapose `V0`. Pa seketi ya maresisita, kulemetsa kumatsitsa nambala nthawi zonse, sikumaikweza.

0.30 V si kanthu kakang'ono? Tivutikiranji?

Zimatengera chimene mukufuna kudziwa. Pa seketi yathuyi, munthu amachulukitsa kawiri nambala ya pakati kuti adziwe mmene batire lilili. Akakhulupirira 6.00 V anena kuti batire lili pa 12.00 V. Batire la mtovu lopumula likakhala pa 12.6 V ndi lodzaza, likakhala pa 12.0 V latsika kupitirira theka. Ndiye kusiyana kwa maperesenti osakwana 5 kwasandutsa batire labwinobwino kukhala lokayikitsa.

Choipa kwambiri chimachitika potchuna. Mmisiri amagwira zingwe pa mfundo ya pakati, n'kumapotoza kapoto kotchunira mpaka magetsi azizima pamene iye akufuna. Akachotsa mita, voliteji ya pamfundopo imakwera ndi maperesenti 5, ndiye seketi imaganiza kuti batire lidakali ndi mphamvu pomwe latsika kale. Ngati ankafuna kuti izizimitsa pa 11.5 V, idzazimitsa chapafupi ndi 10.95 V, ndipo batire lozolowera kutsika chonchi usiku uliwonse silikhalitsa. Njira yabwino ndi kuika mita pa mapazi a batire, kapena pa chopatsira magetsi chimene mukutsitsa pang'onopang'ono, osagunda konse mfundo ya pakati.

Mnzanga ali ndi kamita kachikasu kotchipa, ine ndili ndi ya singano ya malemu bambo. Zonse zikupereka manambala osiyana. Yoona ndi iti?

Palibe yoona, ndipo palibe yakufa. Timamita tambiri totchipa ta mtundu wa DT830 tili ndi resisitansi ya pafupifupi 1 MΩ, osati 10 MΩ. Ikani 1 m'malo mwa 10 m'masamu aja, mupeza 4.20 V. Gawo limodzi mwa magawo atatu lasowa.

Ya singano ili ndi khalidwe lakelake. Yang'anani m'munsi mwa galasi, pamakhala palembedwa nambala ngati `20 kΩ/V`. Nambala imeneyi mumaichulukitsa ndi mulingo umene mwasankha pa chopotoza, osati ndi voliteji imene mukuyeza. Pa mulingo wa 10 V resisitansi yake ndi 200 kΩ, ndipo pa seketi yathu singano iima pa 1.8 V. Mukapotozera pa 50 V resisitansi imakwera kufika 1 MΩ, singano n'kuonetsa 4.2 V. Malo amodzimodzi, mita imodzimodzi, manambala awiri otalikirana chotere. Mukaona mita ya singano ikusintha mawu mukasintha mulingo, dziwani kuti ikulemetsa seketi.

Wina anganene kuti basi tizingoyezera pa mulingo waukulu. Kumeneko kuli msampha wina. Opanga mamita a singano amalonjeza kulondola kwake monga peresenti ya mulingo wonse. Ngati alemba maperesenti 3, pa mulingo wa 50 V ndiye 1.5 V uku ndi uku, ngakhale singano itangosuntha pang'ono kuchoka pa ziro. Mwachepetsa vuto limodzi n'kukulitsa lina. Mita ya singano ndi yabwino pa mabatire, pa mafyuzi ndi poona voliteji yomwe ikugwedezeka, koma pa maresisita a mamegaomu isiyeni m'bokosi.

Ndingadziwe bwanji kuti ndi kulemetsa, osati kuti maresisita angosiyana?

Funso ili ndi lofunika, chifukwa maresisita a mzere wagolide amaloledwa kuphonya ndi maperesenti 5. Imodzi itakhala 1.05 MΩ inayo 0.95 MΩ, pakati pakhoza kukhaladi pafupifupi 6.0 V popanda mlandu wa mita.

Yezani katatu. Yezani batire lonse, kenako resisita ya pamwamba payokha, kenako ya m'munsi payokha. Ngati maresisita angosiyana, ina ionetsa zochepa ina zochuluka, monga 5.99 V ndi 6.61 V, ndipo mukaphatikiza zikwana 12.60 V. Ngati ndi kulemetsa, zonse ziwiri zionetsa zochepa. Pa seketi yathu ya pamwamba ipereka 6.00 V, ya m'munsi 6.00 V, pamodzi 12.00 V, pomwe batire likuti 12.60 V. Voliteji siisowa m'njira. Zosowazo zikukuuzani kuti paliponse pamene mita yagunda, pamenepo pamatsika.

Njira yachiwiri imapereka ngakhale yankho lenilenilo. Tengani resisita yofanana ndi ya mita yanu, 10 MΩ, muilumikize pakati pa nsonga ziwiri za zingwe, muyezenso. Mwalemetsa seketi kawiri dala. Ngati nambala siisuntha, kulemetsa kulibe ndipo mukhoza kukhulupirira muyeso woyamba. Pa seketi yathu itsika kuchoka pa 6.00 V kufika pa 5.73 V. Ndi manambala awiriwa mungapeze voliteji yeniyeni osadziwa n'komwe maresisita ali m'seketimo:

```
V0 = V1 × V2 / (2 × V2 − V1)
V0 = 6.00 × 5.73 / (11.46 − 6.00) = 6.30 V
```

Njirayi imathandiza kwambiri pa bolodi ya chipangizo chimene mulibe chithunzi cha mawaya ake. Koma imafuna seketi ya maresisita wamba. Pakakhala dayodi kapena tiranzisita yomwe imasintha khalidwe voliteji ikatsika, yankho lake musalidalire kwambiri.

Kapepala ka mita yanga kanatayika. Resisitansi yake ndiidziwa bwanji?

Yezani batire mwachindunji, lembani nambala. Kenako ikani resisita ya 10 MΩ pakati pa phazi la batire ndi chingwe chofiira, muyezenso. Ikaonetsa theka, mita yanu ndi ya 10 MΩ. Ikaonetsa pafupifupi 1.15 V pa batire la 12.60 V, ndi ya 1 MΩ. Musagwire zitsulo ndi zala poyeza, chifukwa thupi lanu, makamaka manja a thukuta a mu Okutobala, lili ndi resisitansi yochepa kuposa 10 MΩ. Yesani pa mulingo womwewo umene mudzagwiritse ntchito, popeza mamita ena osankha okha mulingo amakhala ndi pafupifupi 11 MΩ pa mulingo wotsika.

Kodi ndingothetsa vutoli poika maresisita ang'onoang'ono?

Mukhoza, koma mulipira ndi batire. Awiri a 100 kΩ amatsitsa cholakwika kufika theka la peresenti, awiri a 10 kΩ amachitsitsa kufika 3 mV zokha, koma amenewa amakoka 0.63 mA usana ndi usiku m'malo mwa 6.3 µA. Pa batire lalikulu la m'nyumba zimenezi si kanthu, ndipo ine ndingasankhe 100 kΩ popanda kuganiza kawiri, makamaka poti fumbi ndi chinyontho cha nthawi ya dzinja zimadutsitsa karenti pamwamba pa bolodi, zomwe maresisita a mamegaomu amazimva msanga. Pa kachipangizo koyendera timabatire tating'ono nkhani ndi ina.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: resisitansi ya mita ikaposa ya seketi ka 100, cholakwika chimakhala pafupifupi peresenti imodzi. Ikaposa ka 1000, ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a peresenti.

Pakapepala palembedwa ±(0.5% + 2). Kodi 0.30 V ija siili kale m'menemo?

Siili m'menemo ngakhale pang'ono, ndipo apa ndi pamene malipoti ambiri a ophunzira amagwera. Lonjezo la wopanga likunena za voliteji yomwe ili pa nsonga za mita. Iye sadziwa seketi imene inu mudzagunde.

Tiwerenge lonjezolo. Gawo loyamba ndi theka la peresenti ya nambala yomwe ikuoneka: pa 6.00 V ndi 0.03 V. Gawo lachiwiri, 2 uja, si mavoliti awiri komanso si maperesenti awiri. Ndi masitepe awiri a nambala yomalizira pa galasi. Pa mulingo wa 20 V nambala yomalizira imayenda ndi 0.01 V, ndiye masitepe awiri ndi 0.02 V. Pamodzi ndi 0.05 V. Wopanga akuti voliteji ya pa nsonga ili pakati pa 5.95 V ndi 6.05 V, ndipo akunena zoona. Koma yomwe inu mumafuna, 6.30 V, ili kunja kwa malire amenewa kutalitali. Kulemetsa kwaposa lonjezo la mita kasanu ndi kamodzi. Mutagula mita yodula yolondola kakhumi kuposa iyi, koma ya 10 MΩ yomweyo, ingakupatseni 6.000 V, nambala yokongola yolakwika chimodzimodzi.

Lonjezoli lilinso ndi malire ake. Kawirikawiri limagwira pa kutentha kwa pakati pa 18 °C ndi 28 °C, ndiponso kwa chaka chimodzi chichokereni pamene mita inapimidwa. Mu shopu ya malata masana a mwezi wa Okutobala, kapena kuchigwa ku Mambwe, mumakhala mutadutsa kale 28 °C. Batire la mkati mwa mita likafooka, timamita totchipa timayamba kuonetsa manambala okwera.

Ndiye cholakwika ndi chikayiko ndi zinthu ziwiri?

Inde. Cholakwika cha kulemetsa tikuchidziwa mbali yake, ndi chotsitsa, ndipo tikuchidziwa kukula kwake, 0.30 V. Chinthu chodziwika chotere sitimachibisa m'chizindikiro cha ±, timachikonza. Chikayiko ndi chimene chimatsala titakonza zonse zimene tikuzidziwa: sitidziwa ngati mita yathu ikupendekera m'mwamba kapena m'munsi mkati mwa 0.05 V muja, ndipo sitidziwa `Rth` ndendende.

Kubwereza muyeso sikuchotsa kulemetsa. Mukhoza kuyeza kakhumi n'kupeza 6.00 V kakhumi konse. Kugwirizana kwa manambalawo kukungosonyeza kuti dzanja lanu silinjenjemera ndipo seketi ili phee.

Tsono ndilembe bwanji yankho mu lipoti?

Malabu opima zida amatsata buku lotchedwa GUM, lomwe linatuluka koyamba mu 1993 ndipo pano limadziwika ngati JCGM 100:2008. Njira yake pa nkhani yathu ili motere.

Yambani ndi kukonza. Chulukitsani nambala ya mita ndi `1 + Rth/Rm`, yomwe pano ndi 1.05. Mupeza 6.30 V.

Kenako funsani kuti chikayiko chikuchokera kuti. Gwero loyamba ndi mita, 0.05 V. Popeza nambala ya mita taichulukitsa ndi 1.05, malire akenso achulukitsidwe, akhale 0.0525 V. Wopanga anangotipatsa malire, sanatiuze kuti mita yathu ili pati mkati mwake, ndiye timatenga kuti paliponse m'malirewo ndi potheka mofanana. Zikatero GUM imati tigawe ndi √3, pafupifupi 1.73. Tipeza 0.030 V. Gwero lachiwiri ndi kukonza kwenikweniko. Tawonjezera 0.30 V podalira kuti `Rth` ndi 500 kΩ, koma maresisita ndi a maperesenti 5, choncho 0.30 V ija ikhoza kuphonya ndi 0.015 V. Kugawa ndi √3 kukupereka 0.009 V. Zonse ziwirizi GUM imazitcha za Mtundu B, kutanthauza zochokera pa mapepala ndi pa zimene tikudziwa kale. Za Mtundu A ndi zochokera pa kubalalika kwa miyeso yobwereza, ndipo pano palibe chifukwa galasi silinasunthe.

Ziwirizi sitimaziphatikiza mwachindunji, chifukwa sizidalirana ndipo n'zokayikitsa kuti zonse zingafike pa malire a mbali imodzi nthawi imodzi. Timatere:

```
u = √(0.030² + 0.009²) = 0.031 V
U = k × u = 2 × 0.031 = 0.06 V
```

Taonani mmene chaching'ono chija chamezedwera: kuchoka pa 0.030 kufika pa 0.031 basi. Kukonza kumene kunachotsa 0.30 V yathunthu kwangobweretsa chikayiko chosaoneka n'komwe. N'chifukwa chake kukonza kumapindulitsa ngakhale maresisita mukuwadziwa mwa apo ndi apo.

Kuchulukitsa ndi `k = 2` kumapereka malire amene tili ndi chikhulupiriro cha pafupifupi maperesenti 95 kuti voliteji yeniyeni ili mkati mwake. Mu lipoti mulembe kuti voliteji ya pa mfundo ya pakati, popanda mita, ndi `(6.30 ± 0.06) V, k = 2`, ndipo muwonjezere chiganizo chonena kuti mita inaonetsa 6.00 V pa mulingo wa 20 V, resisitansi yake ndi 10 MΩ, ndipo mwakonza ndi 1.05. Wowerenga akhoza kubwereza masamu anu, kapena kukutsutsani ngati akudziwa kuti mita ya mtundu umenewo ndi ya 11 MΩ.

Kalikuleta yandipatsa manambala ambirimbiri. Ndisiye angati?

Chikayiko chilembeni ndi manambala osaposa awiri, ndipo yankho lithere pa malo omwewo pamene chikayiko chathera. `6.2967 ± 0.06` ikudzitsutsa yokha, popeza mukunena za 0.0007 pomwe simukutsimikiza za 0.06. Musaiwale kulemba `k`. Popanda iyo wowerenga sangadziwe ngati 0.06 yanu ndi malire a wopanga, `u`, kapena `U`, ndipo zimenezi zimasiyana mpaka kawiri.

Nditapanda kukonza, n'kungolemba 6.0 ± 0.4 V, ndalakwa?

Simunaname, chifukwa 6.30 ili mkatimo. Koma mwataya chimene mumachidziwa. Kulemba motero kukunena kuti 5.6 V ndi yotheka mofanana ndi 6.4 V, pomwe inu mukudziwa bwino kuti voliteji yeniyeni siingakhale pansi pa 5.95 V. Ngati simungathe kukonza chifukwa `Rth` simukuidziwa ndipo mulibe resisita yoyesera, nenani poyera: mita ya 10 MΩ inaonetsa (6.00 ± 0.05) V, kulemetsa sikunakonzedwe, voliteji yeniyeni ndi yokwererapo.

Kodi chiphaso chopimitsa mita chimathetsa zonsezi?

Chimathandiza pa gwero loyamba lokha. Muno m'Zambia bungwe loyang'anira za miyeso ndi Zambia Metrology Agency, ndipo labu yopima zida yovomerezeka imagwira ntchito motsata ISO/IEC 17025. Chiphaso chimakuuzani mmene mita yanu ikuphonyera pa mfundo zingapo, ndi chikayiko chake, kawirikawiri pa `k = 2`. Mukachigwiritsa ntchito mumagawa nambala yawo ndi 2, osati ndi √3. Koma popima amagwiritsa ntchito gwero la voliteji lolimba, losamva kulemetsa. Mita yachiphaso ikafika pa maresisita athu a 1 MΩ idzatsitsa voliteji ndi maperesenti omwewo.

Ngati resisitansi yaikulu ndiyo yabwino, bwanji mamita ena ali ndi LoZ?

Chifukwa pa mawaya a m'nyumba vuto limatembenuka. Waya wosalumikizidwa kulikonse akayenda mu paipi imodzi ndi waya wamoyo wa 230 V, amatengako voliteji kudzera mu kapasitansi yaing'ono ya pakati pawo. Mita ya 10 MΩ siilemetsa mokwanira, ndiye imaonetsa mavoliti makumi angapo pa waya amene sangayatse ngakhale kababu. Pa `LoZ` mita imatsitsa resisitansi yake kufika pa makiloomu ochepa, pafupifupi 3 kΩ pa mamita ambiri otere, ndipo voliteji yabodzayo imagwa kufika pafupi ndi ziro pomwe yeniyeni ya ZESCO imakhalabe 230 V. Apa kulemetsa n'kwadala. Musaiwale kubweza chopotoza mukabwerera pa bolodi: 3 kΩ pa mfundo yathu ya pakati ingagwetse 6.30 V kufika pafupifupi 0.04 V, ndipo seketi izimitsa magetsi a nyumba yonse poganiza kuti batire latheratu. Ndipo musanagwire waya aliyense chifukwa choti mita yati ziro, iyeseni kaye pa soketi imene mukudziwa kuti ili ndi moto.